Masamba awiri kapena mizere isanu ndi umodzi: makolo tiwalembere zingati?

Kumapeto kwa teremu yachiwiri, mphunzitsi wathu wa masamu anabwera m'chipinda cha aphunzitsi ndi mapepala olemba pamanja, mbali zonse ziwiri, nandiikira patebulo. Anali atasankha ana khumi a Fomu 3 amene ankawaona kuti angathe kudzakhoza bwino mayeso a MSCE atathandizidwa msanga, ndipo aliyense anamulembera ndemanga yakeyake. Ine ndinali mphunzitsi woyang'anira kalasilo, choncho malipoti onse opita kwa makolo ankadutsa m'manja mwanga. Pa lipoti lathu malo a ndemanga ndi kabokosi kakang'ono, kokwana mizere yowerengeka. Ndinatenga pepala la mtsikana wina amene anapeza malikisi 47 pa 100, ndinaliwerenga kawiri, kenako ndinalifupikitsa m'ziganizo ziwiri: "Amalimbikira ndipo ntchito yake ndi yaukhondo. Asamale ndi zizindikiro, komanso azichita changu." Ziganizo ziwirizo zinayambitsa mkangano umene sunatheretu mpaka lero pakati pa ine ndi mnzangayo.

Ndiyambe ndi mbali yanga, chifukwa sindinaisiye. Ndemanga ya mnzangayo inali m'Chingerezi, monga zimakhalira ndi zolemba zambiri za kusekondale. Makolo ambiri a ana athu ndi aja analowa sukulu m'zaka zoyandikira 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo makalasi anasefukira. Ambiri mwa iwo Chichewa amawerenga bwinobwino, koma masamba awiri a Chingerezi chokamba za masamu a Fomu 3 sangawamalize, ndipo si chinthu chowachititsa manyazi. Pepala lotere likafika pakhomo, wowerenga amakhala mwana mwiniwakeyo. Amaima pakhonde, bambo atakhala pampando, amayi akusankha nyemba, ndipo iye amawerenga chamumtima n'kunena kuti, "Akuti ndikuchita bwino koma ndilimbikire." Ndiye kuti pepala lija lafupikitsidwa ndithu, ndipo amene walifupikitsa ndi munthu amene ali ndi chifukwa chachikulu chobisira zina. Mfundo yanga inali imeneyi: ndemanga yaitali idzafupikitsidwa basi, tifune tisafune, ndipo ndi bwino kuti ntchitoyo aigwire mphunzitsi.

Chifukwa changa chachiwiri chinali chakuti kholo silingagwire zinthu zisanu ndi zitatu nthawi imodzi. Mu ndemanga ija munali nkhani ya mabulaketi, ya nthawi, ya galafu yopanda mayina a mizere yake, ya kuiwala kulemba muyeso ngati masentimita, ya kampasi, ya kujomba, ndi zina. Zonsezo ndi zoona, koma sizilemera mofanana. Mayi amene wauzidwa zolakwa zisanu ndi zitatu amangomva chinthu chimodzi, chakuti mwana wake ndi mbuli ya masamu. Amene wauzidwa ziwiri amatha kufunsa madzulo kuti, "Kodi zija ananena aphunzitsi wazichita?"

Mnzanga wa masamuyo sanatsutse zimenezi. Chimene chinamupweteka chinatulukira teremu yachitatu itatsegulidwa. Bambo a mtsikanayo anabwera kusukulu atanyamula lipoti lija litapindidwa kanayi m'thumba la malaya. Anatipatsa moni mwaulemu, nati, "Aphunzitsi, ndamva kuti mwana wanga ndi waulesi. Ndamukalipira tchuthi chonse. Koma ukhondo wa m'makopewo ndamuuza kuti asausiye, popeza mwauyamikira." Mnzangayo anandiyang'ana, ndipo ine ndinazindikira nthawi yomweyo chimene ndinalakwitsa.

Pa ndime yachitatu ya ndemanga yake iye analemba momveka kuti mtsikanayu amayamba wawerengera funso lililonse pa pepala lokhwatchakhwatcha, kenako n'kulikopera mosamala pa pepala la mayankho, ndipo mzere uliwonse amaulemba ndi rula. Ndiye kuti mayeso amodzi amawalemba kawiri. Nthawi inamuthera asanafike pa mafunso awiri omaliza, lililonse la malikisi 10, pamene mafunso a mtundu womwewo ankawakhoza m'kalasi. Ukhondo umene ine ndinauika m'gulu la zabwino ndi umene unkabala kuchedwa kumene ndinakuika m'gulu la zofunika kukonza. Chinali chinthu chimodzi, ndipo ine ndinachidula pakati kuti chikwane m'magulu awiri. Mawu amene ndinataya anali akuti "chifukwa". Bambo aja anachita ndendende zimene lipoti linawauza: analimbikitsa chizolowezi chimene chinkagwetsa mwana wawo, ndipo anamukalipira pa ulesi umene analibe.

Apa ndi pamene mnzangayo anaima, ndipo mawu ake ndimawakumbukira. "Madamu, inu mukuganiza kuti ndemanga ndi thumba la mfundo loti mungatapemo zinayi n'kusiya zina. Ndemanga ili ngati mkoko wa nthochi. Mukathyola imodziimodzi simudziwanso kuti inachokera pa phava liti." Maganizo ake anali akuti kugawa ndemanga m'zabwino ndi zofunika kukonza ndi kumene kumawononga, chifukwa mwa mwana weniweni ziwirizi zimakhala zolukanalukana. Mwana wolankhula molimba mtima m'kalasi kawirikawiri ndi yemweyo amene samvetsera mnzake. Wolemba chimangirizo chachitali chokhala ndi maganizo ambiri ndi yemweyo amene amaiwala mpumiro. Anawonjezanso kuti ndinachotsa malire a chiyamikiro chake. Iye analemba kuti mtsikanayu amakhoza mafunso a makona ndi mabwalo ngati chithunzi chaperekedwa kale, koma amasokonezeka akauzidwa kuti ajambule yekha. Wofupikitsa wothamanga amalemba kuti "amakhoza za makona", ndipo theka la choonadi limatsala pa pepala lalitali lija.

Pa mawu akuti "asamale" anandigwiranso pabwino. M'Chingerezi cha aphunzitsi a masamu muli kanenedwe kofala konena za zolakwa zazing'ono zochitika mosazindikira, ndipo sikanena za khalidwe la munthu. Koma m'Chichewa kunena kuti mwana ndi wosasamala ndi mlandu. Ndi mawu amene timanenera mwana wosiya mbuzi zilowe m'munda wa eni. Ndinamasulira mawu, koma kulemera kwake kunasintha panjira.

Wachiwiri kwa ahedi, amene ankamvetsera akuchonga makope, analowererapo. "Inu mukudzivuta chabe. Kholo likalandira lipoti limayang'ana chinthu chimodzi: wakhala nambala chani? Zinazo saziwerenga." Ananena zoona mbali ina. Ndaonapo makolo ambiri chala chawo chikuthamangira pa nambala, ndipo mwana wa nambala 5 amaphikiridwa nkhuku ngakhale ndemanga zake zili zodandaulitsa. Koma bambo amene anali atangochoka m'chipinda chathu anali umboni wotsutsa. Anawerenga mawu aliwonse a ziganizo ziwiri zija ndipo anawatsatira kwa milungu yonse ya tchuthi. Makolo amathamangira pa nambala chifukwa kawirikawiri ndi chinthu chokhacho pa lipoti chimene chimanena kanthu. "Alimbikire" ndi "Apitirize choncho" ndi mawu amene mwana wa Sitandade 2 ndi wa Fomu 4 amalandira mofanana.

Mphunzitsi wina wa Chichewa anakokera nkhaniyi kwake. Mwana wake amaphunzira pa sukulu yolipira yamutauni kumene amatumiza lipoti la masamba anayi, ndipo anavomera kuti iye, mphunzitsi wathunthu, amawerenga tsamba loyamba lokha. Anaona ngati zimenezi zikundithandiza ine. Mnzanga wa masamu anamuyankha kuti masamba anayi a mawu ofanana kwa mwana aliyense si chinthu chimodzi ndi masamba awiri olembedwa munthu atayala pepala la mayeso la mwanayo patsogolo pake. Pamenepo ndinagwirizana naye. Sitinkakangana za utali wokha. Tinkakangana za chimene chimatayika munthu akamadula.

Loweruka lotsatira tinakhala pansi awiriwiri kuti tiyesenso, pepala la mayeso la mtsikanayo lili pakati pathu. Njira imene tinagwiritsa ntchito inachokera kwa iye, ngakhale anali wotsutsa kufupikitsa. Anati tisayambe ndi kufunsa kuti ndemanga ikunena chiyani kambiri, koma kuti malikisi 53 amene anatayika anapita kuti. Tinawerenga. Mafunso awiri osafikiridwa aja anatenga 20. Zizindikiro za m'mabulaketi zinatenga 17, m'mafunso asanu ndi limodzi osiyana. Funso lojambula ndi kampasi linatenga 8, chifukwa analibe kampasi ndipo anangoyerekeza ndi dzanja. Galafu inatenga 4, ndipo 4 otsalawo anali a kuiwala muyeso ndi tina totere. Titatero zinaonekeratu kuti zinthu ziwiri zokha zinadya malikisi 37 mwa 53. Mu ndemanga yake nkhani ya galafu inatenga ndime yathunthu, chifukwa ndi chinthu chimene chimamunyansa iye monga mphunzitsi, koma pa sikelo ya malikisi inali yopepuka. Ndikanafupikitsa potsata kutalika kwa ndime, galafu ikanalowa mu lipoti, pamene siinali yoyenera kutenga malo.

Nkhani ya mabulaketi inatiphunzitsa china. Cholakwa chake chinali chimodzimodzi paliponse. Akapeza 5 − (x − 3) ankalemba 5 − x − 3, pamene yankho lolondola ndi 5 − x + 3. Chizindikiro chochotsera chikakhala kutsogolo kwa bulaketi chimatembenuza zizindikiro zonse za mkati, koma iye ankatembenuza choyamba chokha. Mukaika 4 pamalo pa x, njira yolondola imapereka 4, yake imapereka −2. Mphunzitsi wina akanaona mafunso asanu ndi limodzi olakwika n'kunena kuti mwanayu sadziwa mitu isanu ndi umodzi. Zoona zake n'zakuti sankadziwa lamulo limodzi, lotheka kulikonza m'maphunziro awiri kapena atatu. Koma funso langa linali lakuti, kodi bambo ake achita nalo chiyani lamulo limeneli? Sangamuphunzitse. Kuwalembera kuti "asamale ndi zizindikiro" kunali kuwasenzetsa katundu amene ndi wathu. Choncho tinagwirizana kuti chofunika kukonza chilichonse chizinena mwini wake: ichi ndi cha mphunzitsi, ichi ndi cha mwana, ichi ndi cha pakhomo. Kholo liuzidwe za mabulaketi kuti lidziwe kumene malikisi anapita, koma liuzidwenso kuti ntchito yokonza ili m'manja mwathu.

Ndinkaganiza kuti tamaliza, koma mnzangayo anandilozera chiganizo chimodzi chakumapeto kwa tsamba lachiwiri, chimene ine ndinachidumpha maulendo onse amene ndinawerenga. Analemba kuti mtsikanayu akakhala pa benchi yakumbuyo amakopera manambala molakwika kuchokera pa bolodi, 3 amamulemba 8, ndipo amatsinzinira akamayang'ana kutsogolo. Chiganizochi chinalibe malikisi alionse pa mayeso aja, popeza mafunso anali osindikizidwa pa pepala. Njira yathu yowerenga malikisi ikanachitaya. Njira yotsata zonenedwa kambiri ikanachitayanso, chifukwa chinanenedwa kamodzi. Komatu mwa zonse za m'masamba awiriwo, chimenechi ndi chimene mphunzitsi sangachite yekha, ndipo kholo lokha ndi limene lingatengere mwana kuchipatala kukayezetsa maso. Iye anati, "Mwaona? Njira iliyonse yofupikitsira ili ndi chibowo chake, ndipo chimene chimagwera m'chibowomo simuchidziwa chifukwa chagwa kale." Sindinathe kumutsutsa. Chimene ndinachita ndi kuwonjezera sitepe ina: ndikamaliza kulemba, ndibwerere pa ndemanga yaitali ndi pensulo, ndidule mzere pansi pa chiganizo chilichonse chimene sichinalowe, ndipo pa chilichonse ndidzifunse ngati kholo lingadzandidandaulire kuti sindinaliuze.

Zimene tinalemba pomaliza zinali izi, m'Chichewa: "Mwana wanu wapeza malikisi 47 pa 100. Amamvetsa funso ndipo amayamba ndi njira yolondola, chinthu chimene chimavuta ana ambiri. Ntchito yake ndi yaukhondo, koma ukhondowo ukumudyera nthawi chifukwa amalemba yankho lililonse kawiri. Sanafike pa mafunso awiri omaliza ndipo anataya malikisi 20. Si ulesi ayi. Kawiri pa sabata mumuikire mphindi 30 pa foni kuti ayankhe mafunso atatu, kulemba kamodzi kokha. Anatayanso malikisi 17 pa lamulo limodzi la mabulaketi, limene tikonza ife m'kalasi. Akufunika kampasi, ndipo tikupempha kuti akayezedwe maso chifukwa akuvutika kuona pa bolodi." Sizinakwane m'kabokosi ka pa lipoti. Tinazilemba pa theka la pepala la m'kope n'kuzimata kumbuyo.

Wina akhoza kunena kuti pamenepa mkangano unatha, aliyense atapatsidwa gawo lake. Sizinatero. Ntchito ya Loweruka lija inatitengera pafupifupi mphindi 25 pa mwana mmodzi, tili awiri, pepala la mayeso lili pomwepo. Kalasi langa linali ndi ana 72. Kuchita zomwezo kwa aliyense ndi maola 30, pa phunziro limodzi lokha, m'sabata yomweyo imene tikuchonga, kuphatikiza malikisi ndi kulemba malipoti. Mnzangayo akuti ichi ndi chifukwa chokwanira chosiyira kufupikitsa: mphunzitsi alembe ndemanga yake, aitumize yonse, ndipo kholo limene silingawerenge libwere kusukulu lidzafotokozeredwe pakamwa. Ine ndikuti makolo amene amabwera ndi omwe aja amabwera nthawi zonse, ndipo mayi wa kumudzi wa makilomita khumi, amene tsiku la msonkhano wa makolo lagwera pa tsiku la msika, sadzabwera. Kwa mayi ameneyo theka la pepala la m'Chichewa ndi lokhalo limene lingamufikire. Ndikuonanso kuti mphunzitsi akanadziwa kuyambira pachiyambi kuti ndemanga yake idzafika kwa kholo, akanayamba ndi mizere isanu yolembera kholo, kenako n'kupitiriza ndi zambiri za mwana ndi aphunzitsi anzake. Mwini ndemanga ndiye amadziwa chiganizo chimene sichiyenera kugwa. Iye akuyankha kuti mwini ndemanga ndiyenso amakonda ndime yake ya galafu, ndipo panafunika ine, munthu wakunja, kuti ndione kuti za mabulaketi kholo silingachite nazo kanthu. Pa mfundo imeneyi tonse tili ndi umboni wochokera pa pepala limodzimodzilo.

Ndiyenera kunena kuti mbali yake ili ndi mphamvu ina imene ndimaimva kwambiri tsopano kuposa poyamba. Pa MSCE zotsatira zimayambira pa 1 mpaka 9, ndipo kusiyana kwa 6 ndi 7 ndi kumene kumalekanitsa kukhoza kowerengedwa posankhira ana ku yunivesite ndi kungodutsa chabe. Mwana wa malikisi 47 ali pamalo pamene chizolowezi chimodzi chingamukweze kapena kumusiya pomwepo. Kwa mwana wotere chifupikitso cholakwika n'choipa kuposa kusalemba kanthu, chifukwa chimakankhira banja lonse kunjira yolakwika ndi chidindo cha sukulu pamwamba pake. Bambo aja sakanamukalipira mwana wawo tchuthi chonse ndikanangolemba malikisi okha. Zimenezi sindiziiwala. Komabe phunziro limene ine ndikutengapo ndi lakuti ndizifupikitsa mosamala, mwini ndemanga aziwerenga ndisanatumize, ndipo mawu akuti "chifukwa", "ngati" ndi "pokhapokha" ndisamawadule ngakhale malo achepe. Iye phunziro limene akutengapo ndi lakuti pepala lalitali lizipita limodzi ndi lalifupilo nthawi zonse, kuti m'bale wina wophunzira akadzabwera pakhomopo adzaone zimene ife tinasiya.

Pali chinthu chimodzi cha mu ndemanga ija chimene sitinachilembe konse, ndipo ndi chimene chikundiletsa kuvomera kuti pepala lalitali lizipita lonse. Mnzangayo analemba kuti mtsikanayu anajomba Lachinayi kanayi m'teremu imodzi, ndipo Lachinayi ndi tsiku la msika wa kwathu kuno. Tonse tinkadziwa kuti amathandiza amayi ake kugulitsa tomato. Fizi yake amalipira ndi amalume ake a kutauni, ndipo lipoti limakafika kwa iwo. Iye ankati choonadi chilembedwe, popeza maphunziro anayi a masamu si ochepa. Ine ndinkaopa kuti chiganizo chimenecho chikafika kutauni chikayambitsa mlandu pakati pa mlongo ndi mlongo wake, mwina mpaka fizi kuima, pamene nkhaniyo ingathe kukambidwa ndi mayiyo pamaso ndi pamaso. Tinachisiya kunja, iye asanakhutire, ndipo ine ndinalonjeza kuti ndikakumana nawo ndekha.

Ndinawapeza Lachinayi lotsatira ndikuweruka, atakhala kuseri kwa milu yawo ya tomato. Anali atalandira theka la pepala lija ndipo anandiuza kuti za mphindi 30 ayamba kale, akuwerengera pa foni ya bambo. Za maso anati adikira kaye apeze ya thiransipoti. Mtsikanayo tinali titamusamutsira kale pa benchi yachiwiri kuchokera kutsogolo. Nditatchula za kujomba, anakhala chete kanthawi akukonza mulu umodzi umene unali utagumuka, kenako anati, "Aphunzitsi, ndamva. Koma tsiku la msika ndilibe wina wondigwirira pano ndikapita kokaoda." Ndinabwerera kusukulu ndi yankho limenelo, ndipo mnzanga wa masamu atandifunsa kuti teremu ino tilemba chiyani za Lachinayi, ndinamuuza kuti tidikire tione kaye kaundula wa mwezi uno.